Kuwerenga Malangizo a Mbewu Olembedwa m'Chipwitikizi

Amayi anzanga, sabata yatha mayi wina wa m'gulu lathu anandionetsa chithunzi pa foni yake. Mlamu wake anamugulira paketi ya mbewu za karoti ku Tete, ndipo anajambula kumbuyo kwake kuti mayiyo ayambiretu kukonza dimba. Tsono malangizo onse anali m'Chipwitikizi. Inunso zikakuchitikirani zotere, musataye mtima, pakuti mawu ofunika kuwadziwa ndi ochepa.

Poyamba funani mawu akuti "Profundidade". Amenewa akunena kuya kwa kangalande kofesamo mbewu. Pa chithunzicho panalembedwa "1,5 cm". Chenjerani pamenepa: Apwitikizi amalemba kachizindikiro kamchira pamene ife timaika kadontho. Choncho kuya kwake ndi sentimita imodzi ndi theka, osati 15. Kumeneku ndi kuya kongobisa chikhadabo cha chala chanu. Njere ya karoti ndi yaing'ono; mukaikwirira kwambiri, mphukira imatha mphamvu isanatulukire kunja.

Chachiwiri ndi "Espaçamento", ndiko kutalikirana kwa mbewu. Pamenepa pamakhala manambala awiri. "Entre linhas 30 cm" akutanthauza mpata wa pakati pa mizere. Bwerekani rula ya mwana wa sukulu, mudule kamtengo kotalika chomwecho kuti muziyezera. "Entre plantas 5 cm" ndi mpata wa pakati pa mbewu ndi inzake mumzere, pafupifupi zala zitatu zogundana. Popeza njerezi n'zovuta kuziika imodziimodzi, fesani mopyapyala, ndipo zikatulutsa masamba enieni awiri kapena atatu, mupatulire. Mukapanda kupatulira, mudzakolola tikaroti toonda ndi topiringizana. Zimene mwazulazo musaokere pena, chifukwa muzu wa karoti ukasokonezedwa umakula wokhota kapena wamphanda.

Chachitatu ndi "Germinação", ndiko kumera, ndipo "dias" ndiwo masiku. Paketiyo inati "10 a 15 dias". Mayi uja anaganiza kuti amenewa ndi masiku odikira ndiwo, koma ayi: kukolola amati "Colheita", ndipo karoti amatenga pafupifupi miyezi itatu. Mukafesa pa 1 Juni, yembekezani timasamba tonga singano pakati pa 11 ndi 16 Juni. M'nyengo yozizira imeneyi zingachedwe ndi masiku angapo, choncho musafulumire kugaula bedi. Phimbani ndi udzu wouma wochepa, thirirani pang'onopang'ono tsiku lililonse kuti dothi la pamwamba lisaume ndi kuchita chikhakha, ndipo zikangoyamba kumera chotsani udzuwo.

Pakatha masabata atatu popanda chomera, onaninso chithunzicho pa mawu akuti "Validade". Tsiku lolembedwa pamenepo ngati linapita kale, mwina mbewuyo ndi yakale. M'pofunika kuti wokugulirani ajambule bwino malo amenewo asanalipire ndalama.