Minibasi yafera panjira: abwana muwauza chiyani?

Nthawi ili 7:05 m'mawa. Mwakwera minibasi ku Limbe, ntchito ili ku Blantyre ndipo mumayamba 7:30. Mutangodutsa pa Chichiri, injini yazima. Dalaivala akuti, "Tatsikani kaye, n'zazing'ono izi."

Apa ambiri amalemba kuti, "Bwana, ndili m'njira." Mawuwa sathandiza, chifukwa ngakhale munthu amene akutseka kumene chitseko cha kunyumba amanenanso zomwezo. Abwana akufuna kudziwa nthawi imene mufike ndiponso amene agwire ntchito yanu pakadali pano. Ulemu weniweni ndi kuwayankha zimenezi iwo asanafunse.

Musanalembe, onani kaye chavuta. Ngati laphulika ndi tayala ndipo lina lilipo, kudikira n'kotheka. Mukaona kondakitala akuthamanga ndi chigubu, dziwani kuti mafuta atha, ndipo nthawi idalira kutalika kwa kumene akukagula. Koma dalaivala akayamba kuimbira makaniko, pemphani kuti akubwezereni ndalama mupeze ina. Kumbukirani kuti m'mawa minibasi zambiri zimadutsa pakati pa njira zitadzaza kale, choncho pa nthawi imene mukuganiza onjezanipo mphindi 15. Kulonjeza 8:15 n'kufika 8:00 kuli bwino kusiyana ndi kupepesa kawiri.

Uthenga wake ungakhale wotere:

"Mwadzuka bwanji bwana? Pepani, ndichedwa lero. Minibasi imene ndinakwera yawonongeka pa Chichiri. Ndikudikira ina ndipo ndikuyembekeza kufika cha m'ma 8:15. Makalata aja munafuna ali kale pa desiki panga, ndapempha mnzanga kuti akupatsireni. Zikasintha ndikudziwitsani."

Moni asasowe ngakhale muli pachangu. Munthu wamkulu sitimuyamba ndi vuto. "Pepani" mmodzi ndi wokwanira. Kubwereza katatu kumamveka ngati pali china chimene mukubisa. Kutchula malo kumathandiza, chifukwa abwana amaudziwa msewuwo ndipo adziwerengera okha, mwinanso pali galimoto ya kuntchito imene ikudutsa pomwepo. Zodandaula za dalaivala zisiyeni, ndipo pewani mawu ngati "si vuto langa". N'zoona kuti si inu mwawononga injini, koma mawuwo amamveka ngati mwayamba kudziteteza musanafunsidwe.

Tumizani 7:30 isanakwane. Uthenga wofika 7:10 ndi chidziwitso, koma wofika 7:50 abwana amauwerenga atayang'ana kale mpando wanu wopanda munthu. Ngati makiyi a shopu ali ndi inu, kapena pali msonkhano umene mukuyenera kutsogolera, imbani foni m'malo molemba, chifukwa uthenga wa pa WhatsApp ukhoza kukhala osawerengedwa. Kungoflasha abwana kuti akuimbireni ndi mwano ndithu. Ngati mayunitsi atha, bwerekani foni kwa amene mwakwera naye, ndipo muyambe ndi kutchula dzina lanu.

Mukafika, pitani kaye kwa iwo musanakhale pansi: "Ndafika bwana, zikomo pondimvetsa."