Golosale isatsekedwe tsiku la maliro

Pafupifupi pamsika uliwonse pali chitseko chimene anthu amachiloza akamadutsa, n'kunena kuti, "Apa panali golosale ya malemu uje." Penti ya dzina idakalipo, koma pachitseko pali loko wadzimbiri. Mukafufuza mupeza kuti malemuyo anasiya mkazi ndi ana, ndipo mwina mmodzi mwa anawo ankadziwa kuoda katundu kuposa bambo ake. Olowa m'malo analipo. Sitoloyo inafa pa miyezi itatu kapena isanu yotsatira maliro, pamene ndalama za kubanki zinali zosatheka kutapa, katundu wa m'mashelefu ankatuluka osabwezeredwa, ndipo panalibe amene anali ndi mphamvu yoletsa m'bale wake kutenga botolo la mafuta ophikira.

Chiyambi cha vutoli chili m'malamulo, ndipo eni mabizinesi ambiri sachidziwa. Golosale, okala, chigayo kapena shopu yogulitsa zipangizo za njinga imene munthu analembetsa m'dzina lake yekha, pamaso pa lamulo si chinthu choima pachokha. Bizinesiyo ndi munthuyo. Akamwalira, shuga wa m'shelefu, fuliji, ndalama za kubanki ndi ngongole zimene anthu anatenga, zonse zimasanduka chuma cha masiye. Banki ikangomva za imfayo imaimitsa akauntiyo, ndipo ngakhale mkazi wa malemu atapita ndi khadi komanso nambala yachinsinsi, sakhala ndi ufulu wotapa ndalamazo mpaka patapezeka makalata a kukhothi opatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Makalata amenewo sabwera sabata imodzi. Pafunika chikalata cha imfa, pafunika kugwirizana amene adzayendetse chumacho, ndipo nthawi zambiri pamakhala maulendo a kwa DC ndi kukhothi. Sitolo yogulitsa buledi ndi sopo singadikire zonsezo.

Tiyerekeze golosale ya pamsika wina wa m'boma. Manambalawa ndi achitsanzo chabe, koma aliyense wogulitsa aona kuti si achilendo. M'mashelefu muli katundu wa K6,000,000. Kubanki kuli K2,000,000. Fuliji, sikelo ndi mashelefu zikhoza kugulitsidwa pa K800,000. M'kope la ngongole muli K800,000 ya aphunzitsi, anamwino ndi anansi amene amalipira kumapeto kwa mwezi. Nayonso sitolo ili ndi ngongole ya K1,200,000 kuholoselo. Pamwezi imagulitsa katundu wa K5,000,000, n'kupindula K600,000. Mukachotsapo lendi, magetsi, malipiro a mnyamata wothandiza ndi zina zing'onozing'ono, zonse pamodzi K250,000, pamatsala K350,000. Banja lonse limadya pa ndalama imeneyi.

Mwini wake wamwalira Lachiwiri. Pofika Lachisanu, m'sitolo mwatuluka shuga, mchere, mafuta, makandulo ndi zakumwa za pasiwa, komanso ndalama za m'kabati zapita ku bokosi ndi galimoto yonyamula maliro. Tinene kuti zonsezi ndi K1,500,000. Palibe amene waba, ndipo palibe angatsutse kuti mwini sitolo ayenera kuikidwa mwaulemu. Koma palibenso amene walemba. Sabata yachiwiri, a kuholoselo amene ankapereka katundu pangongole chifukwa chodziwa nkhope ya malemu akufuna K1,200,000 yawo, ndipo katundu watsopano akuti ndi wa kashi basi. Pa anthu a m'kope la ngongole, theka layamba kudutsa njira ya kuseri. Ena akuti analipira kale kwa malemu, ndipo akufa sayankha. Ndalama ya kubanki imene ikanatseka dzenje limeneli ili yomangika.

Apa ndi pamene sitolo imayamba kuonetsa zizindikiro, ndipo munthu wa maso angaziwerenge ali pakhomo. Katundu wothamanga, monga shuga, mafuta, sopo ndi ufa, ndiye amayamba kusowa. Otsala m'mashelefu ndi mapoto, polishi ndi mabisiketi odula amene akhalapo kuyambira Khirisimasi. Wogulitsa amayamba kutalikitsa mapaketi kuti shelefu ioneke yodzadza. Kasitomala akabwera kawiri n'kusapeza shuga, ulendo wachitatu amalowera kwa oyandikana nawo, ndipo sopo amagulanso komweko.

Kenako pamabwera msonkhano wogawa chuma. Kuno kwathu timadziwa kugawa mbuzi, njinga ndi zovala, ndipo mwambo womwewo timauika pa golosale: uyu atenge fuliji, uyu sikelo, katundu agulitsidwe tigawane. Kugawa sitolo motero kuli ngati kupha nkhuku yoikira mazira kuti aliyense alaweko nthuli. Chimene chili ndi mtengo m'golosale ija ndi K350,000 yobwera mwezi uliwonse, imene pachaka ndi K4,200,000. Mukagawa mashelefu, ndalama imeneyo imatha tsiku lomwelo.

Lamulo la dziko lino la chuma cha masiye la 2011, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1967, linawongola zambiri. Munthu akamwalira osasiya wilo, oyamba kupindula ndi mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, komanso amene ankadalira malemuyo. Malume kapena achimwene a malemu sangatseke sitolo n'kutenga makiyi chifukwa choti ndi eni mbumba. Kulanda chuma cha masiye ndi mlandu woti munthu angapite nawo kundende. Lamulo lomweli limanena kuti pogawa aganizirenso zimene mkazi kapena mwana anachita potukula bizinesiyo. Mayi amene wakhala kuseri kwa kauntala zaka 15 sayenera kuwerengedwa ngati mlendo pa sitolo imeneyo. Komabe lamulo limangonena amene ayenera kulandira. Silingasankhe amene adzuke m'mamawa kukaoda katundu, ndipo ntchito yosankhayo ndi ya mwini sitolo akadali moyo.

Choyamba chimene angachite ndi kusankha munthu mmodzi, n'kumunena poyera. Osati mwana woyamba chifukwa ndi woyamba, kapena wamwamuna chifukwa ndi wamwamuna. Kawirikawiri amene amadziwa mtengo wa belo la shuga ndi mayi kapena mwana wamkazi amene sanapite kutauni. Wosankhidwayo apite naye kuholoselo kangapo, n'kuuza eni ake kuti, "Uyu akabwera, ndabwera ine." Apite nayenso kwa mwini nyumba, ndipo pangano la lendi lilembedwe, litchule kuti banja lidzapitiriza kubwereka malowo. Ngongole ya kuholoselo ndi malo abwino a pamsika ndi chuma chimene sichilembedwa m'wilo, ndipo chimatayika msanga kuposa china chilichonse.

Chachiwiri ndi ndalama zoyendetsera sitolo. Kungoika dzina la mwana ngati wosayinira pa akaunti ya bambo sikokwanira, chifukwa mphamvu imene munthu anapatsa mnzake yomusayinira imatha iye akamwalira. Njira ina ndi akaunti ya anthu awiri, koma funsani banki yanu, ikuuzeni molemba, zimene zimachitika mmodzi akamwalira. Njira yolimba, sitolo ikakhala yokulirapo, ndi kuilembetsa ngati kampani. Lamulo la makampani la 2013 limalola ngakhale munthu mmodzi kutsegula kampani. Kampani simwalira ndi mwini wake: akaunti, laisensi ndi nambala ya msonkho ku MRA zimakhala m'dzina la kampaniyo, ndipo pakakhala dairekitala wachiwiri wololedwa kusayina, malonda amapitirira pamene magawo a malemu akudikira khothi. Njira imeneyi ili ndi mtengo wake, chifukwa pamafunika mabuku osungidwa bwino ndi malipoti a chaka ndi chaka, choncho kwa okala yaing'ono ndi katundu wolemera. Koma ngakhale wa okala aganizire za laini ya Airtel Money kapena Mpamba imene makasitomala amalipirirapo. Ngati ili m'dzina la bambo okha, ndalama za m'menemo nazonso ndi chuma cha masiye.

Chachitatu ndi wilo, imene anthu ambiri amaiopa ngati kudziitanira imfa. Wilo imafunika ilembedwe, mwini wake asayine pamaso pa mboni ziwiri, nazonso zisayine. Mbonizo zisakhale anthu amene adzalandire kanthu. Pa nkhani ya sitolo, wilo yabwino imatchula amene adzayendetse chumacho, imanena kuti bizinesi isagulitsidwe kapena kuphwasulidwa, ndipo imafotokoza mmene ana enawo adzalandirire gawo lawo. Mbali yomalizayi ndi imene imaiwalika, ndipo ndi imene imayambitsa milandu.

Tibwerere ku manambala aja, ngati kuti mwini sitolo anakonzekera ndipo maliro analipiridwa ndi ndalama yapadera. Katundu, ndalama za kubanki, zipangizo ndi theka la ngongole limene lingabwezedwedi zikukwana K9,200,000. Kuchotsapo ngongole ya kuholoselo, patsala K8,000,000. Tinene kuti olandira ndi mayi ndi ana anayi akuluakulu, ndipo agwirizana zogawana mofanana: aliyense K1,600,000. Mayi ndi mwana wosankhidwa uja atsala m'sitolo. Ana atatu enawo akufuna zawo, zomwe ndi K4,800,000. Kuwapatsa lero ndi kukhuthula sitolo yonse. Koma pa K350,000 ya pamwezi, woyendetsa sitolo akalandira malipiro a K150,000, pamatsala K200,000, ndipo ndalama imeneyi ikamapita kwa atatuwo mwezi uliwonse, ngongoleyo imatha pa miyezi 24. Pazaka ziwirizo banja lidzamanga lamba, ndipo ngati mayi alibe pena podalira, nthawiyo italikitsidwe. Sitolo ikhala ili yotsegula.

Malipiro a woyendetsa sitolo asanyozedwe. Mwana amene amagwira ntchito kuyambira m'bandakucha popanda malipiro, abale ake ali ku Lilongwe akungoimba foni kufunsa gawo lawo, posakhalitsa amayamba kudzilipira yekha mwakachetechete, ndipo kukhulupirirana kumathera pomwepo. Malipiro odziwika, kuwerenga katundu pamaso pa m'bale wina miyezi itatu iliyonse, ndi kope limene aliyense wotenga kanthu, ngakhale mayi, amalembamo dzina lake, zimateteza woyendetsayo ku miseche kuposa malumbiro onse.

Palinso nkhani ya kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. M'bale amene anavomera kudikira zaka ziwiri ali ndi chifukwa chodandaulira ngati K1,600,000 yake idzafike itafooka. Banja likhoza kugwirizana zoonanso ndalama yotsalayo chaka chilichonse, kapena kuiwerengera m'katundu, monga mabelo a shuga pa mtengo wa kuholoselo wa mwezi umenewo. Chilichonse chimene mwasankha, chilembedwe, onse asayine, ndipo ngati pali ana aang'ono gawo lawo lisadalire chifundo cha akuluakulu.

Inu amene muli ndi sitolo lero, yesani chinthu chimodzi chisanathe chaka chino. Perekani makiyi, kope la ngongole ndi ndalama zooda katundu kwa amene mwamusankha, mupite kumudzi kwa mwezi wathunthu osaimba foni. Pobwera muwerenge katundu. Zimene zidzasokonekere pa mwezi umenewo ndi zomwezo zimene zidzatseketse sitolo inu mukadzapita, ndipo panopa mudakalipo kuti muzikonze.