Kusintha kwa detabesi kukathera panjira

Pulogalamu yosunga mayina a makasitomala, mitengo ya katundu kapena ngongole za anthu imadalira detabesi. M'detabesimo zinthu zimakhala m'matebulo, ndipo tebulo ndi kaundula wokhala ndi mizere ndi madanga: mzere umodzi ndi kasitomala mmodzi, pomwe madanga ndi dzina, foni, boma ndi zina zotero. Kakonzedwe ka matebulo ndi madangawa ndiko amati sikima. Nayo pulogalamu ili ndi malongosoledwe akeake a mmene tebulo lililonse liyenera kuonekera, omwe akatswiri amawatcha mamodelo. Ntchito imayenda pokhapokha ziwirizi zikugwirizana.

Modelo ikasintha, sikima iyenera kutsatira. Malangizo osinthira sikimayo amalembedwa m'kafayilo kotchedwa maigireshoni. Mu Django, chida chopangira mapulogalamu m'chiyankhulo cha Python, mafayilowa amakhala ndi manambala otsatizana, 0001, 0002 mpaka m'tsogolo, ndipo amayendetsedwa ndi lamulo la `python manage.py migrate`. Fayilo ikatha bwino, Django imalemba dzina lake m'tebulo lotchedwa `django_migrations`. Pamene pagona nkhani ndi apa: dzinalo limalembedwa pamapeto penipeni, malangizo onse atachitika. Django sikumbukira za lamulo limodzilimodzi ayi, imangodziwa kuti fayilo yatha kapena sinathe.

Chitsanzo ndi ichi. Sitolo ina yogulitsa zipangizo zaulimi ili ndi tebulo la `sitolo_kasitomala` mu MySQL. Maigireshoni ya nambala 0007 ili ndi malamulo atatu: kuwonjezera danga la `boma`, kukhazikitsa lamulo loti nambala ya foni isabwerezedwe, ndi kuwonjezera danga la `mudzi`. Pakompyuta ya wokonza pulogalamu zonse zinayenda bwino, chifukwa m'menemo munali mayina ochepa oyeserera. Koma m'detabesi yeniyeni muli bambo ndi mayi a banja limodzi omwe analembetsa foni imodzi, chinthu chomwe si chachilendo konse. Lamulo loyamba likudutsa, lachiwiri likukanidwa ndi uthenga wa nambala 1062, `Duplicate entry`, ndipo lachitatu silikuyambika n'komwe.

Zikadakhala mu PostgreSQL vutoli likadathera pomwepo. Kumeneko Django imakulunga fayilo yonse mu thiranzakishoni imodzi, kutanthauza kuti zonse zichitike kapena pasachitike kanthu, monga zimayenera kukhalira potumiza ndalama pafoni: zikapanda kufika kwa wolandira, zibwerere kwa mwini. Lamulo lachiwiri likalephera, loyamba lija limafafanizidwa, sikima n'kubwerera mwakale. SQLite nayo imatero. MySQL ndi Oracle sizitero, pakuti lamulo lililonse losintha kakonzedwe ka tebulo limakhazikika nthawi yomweyo. Ena amasokonezeka akamva kuti kuyambira pa MySQL 8.0 malamulo otere amachitika athunthu. N'zoona, koma zimenezo zimakhudza lamulo limodzi palokha, osati atatu pamodzi.

Choncho sitolo ija yatsala ndi mbali zitatu zosamvana. Detabesi ili ndi `boma` koma ilibe `mudzi`. Tebulo la `django_migrations` likuti zinthu zikadali pa 0006. Modelo ya pulogalamu yatsopano ikuyembekezera madanga onse awiri.

Zizindikiro sizichedwa. Django ikamawerenga kasitomala imatchula madanga onse a modelo ndi mayina awo, motero tsamba lililonse lokhudza makasitomala limagwa, ngakhale lomwe silifuna mudzi wa munthu, ndi uthenga wa 1054, `Unknown column`. Wokonza akathamangira kubwereza `migrate`, Django imayambira pa lamulo loyamba, MySQL n'kuyankha ndi 1060, `Duplicate column name 'boma'`. Uthenga wachiwiriwu ndiwo umasocheretsa ambiri, chifukwa umabisa cholakwika choyamba chija cha mafoni, ndipo munthu amene sanaone kuyendetsa koyamba amayamba kulimbana ndi danga losalakwa. Kubwerera m'mbuyo ndi `migrate sitolo 0006` nako sikuthandiza: kwa Django, 0007 sinachitikepo, ndiye palibe chofafaniza.

Apa ndi pamene anthu amakopeka ndi `--fake`. Mawu amenewa amauza Django kuti ilembe fayilo ngati yatha popanda kuchita chilichonse m'detabesi. Madandaulo a `migrate` amatha ndithu, koma `mudzi` kulibebe, ndipo tsopano kaundula akunena bodza. Choopsa kwambiri ndi lamulo la mafoni lija, chifukwa kusowa kwake sikuonetsa uthenga uliwonse. Pulogalamu ikhoza kuyenda miyezi ingapo manambala obwerezedwa akuwonjezereka m'njira zomwe sizidutsa pa fomu, mpaka tsiku lomwe kufufuza kasitomala ndi foni kudzabweretse anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Kukonza koyenera kumayamba ndi kuimitsa pulogalamu kuti pasalembedwe zatsopano, kenako kusunga kope la detabesi ndi `mysqldump`. Zikatero pamafunika kufananiza zinthu zitatu: zomwe Django ikukhulupirira, zomwe fayilo inayenera kuchita, ndi zomwe zilipodi.

```
python manage.py showmigrations sitolo
python manage.py sqlmigrate sitolo 0007
```

Lamulo loyamba limaonetsa mafayilo olembedwa kuti atha, ndi chizindikiro cha `[X]`. Lachiwiri limasindikiza malamulo a SQL a m'fayilomo popanda kuwayendetsa. Kenako mu MySQL:

```
SHOW CREATE TABLE sitolo_kasitomala;
SELECT foni, COUNT(*) FROM sitolo_kasitomala
GROUP BY foni HAVING COUNT(*) > 1;
```

Mzere woyamba umaonetsa tebulo mmene lililidi, ndipo poyerekeza ndi zomwe `sqlmigrate` yasindikiza, malo pomwe ntchito inaimira amaoneka. Mizere inayo imatulutsa manambala onse obwerezedwa. Chochita nawo si nkhani ya wokonza pulogalamu yekha. Eni sitolo ndiwo angadziwe ngati ali munthu mmodzi wolembedwa kawiri kapena anthu awiri ogwiritsa ntchito foni imodzi, ndipo akakhala ambiri otere, cholakwika ndi lamulo la m'modelolo, osati makasitomalawo.

Manambala akakonzedwa pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kubwerera: kuchotsa danga la `boma` ndi `ALTER TABLE sitolo_kasitomala DROP COLUMN boma;` kuti sikima ifanane ndi 0006, n'kuyendetsanso `migrate`. Imeneyi ndiyo yabwino danga likakhala lopanda kanthu, chifukwa Django imamaliza yokha ntchito yake. Koma ngati m'dangamo mwalembedwa kale zinthu, kulichotsa n'kuzitaya. Pamenepo njira ndi yachiwiri, yopita kutsogolo: kuyendetsa pamanja malamulo awiri otsala, ndendende mmene `sqlmigrate` yawalembera, kuonanso tebulo, ndipo pokhapo kulemba `python manage.py migrate sitolo 0007 --fake`. Ntchito yeniyeni ya `--fake` ndi imeneyi, kulembetsa zomwe zachitika kale.

Pa MySQL vutoli limachepa fayilo iliyonse ikakhala ndi kusintha kumodzi, makamaka kumene kungakanidwe ndi zomwe zili kale m'tebulo, komanso ikayesedwa pa kope la detabesi yeniyeni. Kuwonjezera madanga kuyenera kutsogola, pulogalamu yowafuna ibwere pambuyo, popeza yakale imayendabe ngati danga latsopanolo likulola kukhala lopanda kanthu. Ogwiritsa ntchito PostgreSQL nawo asagone tulo. Lamulo la `CREATE INDEX CONCURRENTLY` silingayende mkati mwa thiranzakishoni, ndiye fayilo yake imalembedwa `atomic = False`. Likalephera limasiya indekisi yosatha yolembedwa kuti `INVALID`, yomwe imayenera kuchotsedwa kaye ntchito isanabwerezedwe.