Pensulo M'malo mwa Kompyuta: Kulondola Khodi pa Mayeso

Mukatsegula mapepala akale a mayeso a zamakompyuta, kaya a ku yunivesite kaya a Cambridge IGCSE omwe sukulu zina zimalembetsa, pali funso lina lomwe silikonda kusowa. Amakupatsani kapulogalamu ka mizere isanu kapena khumi, n'kukufunsani kuti: kodi kapulogalamu aka kakayendetsedwa, pa sikirini patuluka chiyani? Kompyuta palibe. Muli ndi pensulo ndi pepala basi, ndipo ntchito ya makinawo muigwira nokha.

Ophunzira ambiri amataya malikisi pa funsoli, osati chifukwa chosadziwa masamu ayi, koma chifukwa chofulumira kumvetsa. Munthu akangoponya maso pa khodi amaganiza kuti wadziwa kale cholinga cha amene anailemba, ndiye amayankha za cholingacho. Kompyuta siidziwa cholinga cha munthu. Imachita zimene mzere wanena, n'kupita pa mzere wotsatira. Olemba mayeso amadziwa bwino kusiyana kumeneku, ndipo msampha wawo amautchera pomwepo.

Tiyeni titenge kapulogalamu aka ka m'chinenero cha Python, ka mtundu womwe umabwerabwera m'mayeso:

```python
n = 472
s = 0
while n > 0:
    s = s * 10 + n % 10
    n = n // 10
print(s)
```

Zilembo `n` ndi `s` ndi mavaliyebulo. Valiyebulo ili ngati kabokosi kosunga nambala imodzi yokha: yatsopano ikalowa, yakale yapita. Chizindikiro `=` sichikunena kuti mbali ziwirizo n'zofanana monga tinaphunzirira ku pulayimale. Chikulamula kuti muwerengere zimene zili kumanja, yankho lake mulisunge m'dzina lomwe lili kumanzere. Chizindikiro `%` chimapereka chotsala mukagawa, motero `472 % 10` ndi 2. Pomwe `//` chimagawa n'kutaya zidutswa, motero `472 // 10` ndi 47. M'mapepala olembedwa ndi khodi yongoyerekeza, ntchito ziwirizi mumazipeza ndi mayina a `MOD` ndi `DIV`.

Tsopano jambulani tebulo. Valiyebulo iliyonse ikhale ndi danga lake, funso la `while` likhalenso ndi lake. Nambala ikasintha musafufute yakale. Lembani yatsopano pa mzere wa m'munsi, kuti mukasokonezeka muthe kubwerera n'kuona pomwe munapatukira.

Poyamba `n` ndi 472 ndipo `s` ndi 0. Kodi 472 ikuposa 0? Inde, tilowe m'lupu, kutanthauza mizere iwiri yolowa m'kati ija yomwe izibwerezedwa. Ziro kuchulukitsa ndi 10 ndi ziro, kuphatikiza chotsala chija 2, `s` yakhala 2. Kenako `n` yatsika kufika pa 47. Tibwerere pamwamba tikafunsenso. Ulendo wachiwiri, 2 kuchulukitsa ndi 10 ndi 20, kuphatikiza 7, `s` yakhala 27, ndipo `n` yakhala 4. Ulendo wachitatu ndi pomwe ena amakakamira, chifukwa kugawa 4 ndi 10 kumaoneka ngati kosatheka. N'kotheka: 10 salowamo mu 4, choncho yankho ndi 0, chotsala ndi 4 yemweyo. Ndiye `s` yakhala 270 kuphatikiza 4, yomwe ndi 274, ndipo `n` yakhala 0.

```
n > 0    s      n
         0      472
True     2      47
True     27     4
True     274    0
False
```

Mzere womaliza uja, wa `False`, uzilembedwa nthawi zonse. Lupu siima pamene inu mwaona kuti zatha. Imaima pamene funso la pamwamba lafunsidwa n'kuyankhidwa kuti ayi. Lupu yazungulira katatu koma funso lafunsidwa kanayi. Pa sikirini patuluka `274`.

Apa wophunzira wochenjera anena kuti, "Aa, kani kamangotembenuza nambala!" Zoona ndithu, ndipo kuzindikira zimenezi kumathandiza pa kafunso kotsatira komwe kamakonda kufunsa ntchito ya pulogalamuyo. Vuto ndi lakuti akangozindikira choncho amaika pensulo pansi. Chaka china funso lomwelo libwera ndi `n = 470`, iye alemba 074 mosakayika. Tailondolani. Ulendo woyamba chotsala ndi 0, choncho `s` ikhalabe 0. Wachiwiri ikhala 7, wachitatu 74. Kompyuta ilemba `74`, pakuti `s` ikusunga nambala osati zilembo, ndipo nambala siyenda ndi ziro kutsogolo.

Msampha wachiwiri ndi kusinthanitsa mizere iwiri ya m'kati mwa lupu, kuti `n = n // 10` ikhale pamwamba. Poiona khodiyo ili chimodzimodzi, koma tsopano 472 ikuyamba yadulidwa kukhala 47 tisanatengepo chotsala, ndiye 2 uja watayika osalowa mu `s`. Mu `s` muyenda 7, kenako 74, kenako 740, chifukwa ulendo womaliza `n` imakhala itafika kale pa 0 pamene tikutenga chotsala. Yankho ndi `740`. Amene amalakwitsa apa nthawi zambiri amakhala atagwiritsa ntchito `n` yakale, ndipo n'chifukwa chake muyenera kutenga nambala yomwe ili pansi penipeni pa danga lake, osati yomwe mukuikumbukira m'mutu.

Yang'anitsitsaninso pomwe `print(s)` yaima. Mu Python, mpata wa kumanzere kwa mzere ndi umene umasonyeza ngati mzerewo uli m'lupu kapena kunja. Ikakankhidwira m'kati n'kulingana ndi mizere iwiri ija, pulogalamu ilemba `2`, `27` ndi `274`, nambala iliyonse pa mzere wakewake. Wolemba 274 yekha wayankha funso lina. Pepala likakhala lojambulidwa pa fotokope mpaka kufufuma, ikani lula choimika m'mbali mwa khodiyo kuti muone mizere yomwe yayambira pamodzi.

Nanga funso likasintha pang'ono kukhala `n >= 0`? Tebulo lanu lidzakuuzani lokha. `n` ikafika pa 0, funso liyankhidwabe kuti inde, ndipo `0 // 10` ndi 0 yemweyo. Danga la `n` lasiya kusintha pomwe funso likudalira danga lomwelo. Mukaona zimenezi lekani kuwerengera, lupu imeneyo siidzatha, ndipo `print` yomwe ili kunja siidzafikiridwa. Yankho loyenera ndi kunena kuti palibe chomwe chilembedwe ndi kufotokoza chifukwa chake.

Njirayi ili ndi malire ake. Lupu yozungulira ka 1,000 simungailondole yonse nthawi ya mayeso isanathe. Pamenepo londolani maulendo atatu kapena anayi oyamba mpaka muone mmene nambala zikuyendera, kenako mudumphire pa awiri omaliza, chifukwa zolakwika zimakonda kubisala poyambira ndi pothera. Komanso tebulo silingakupulumutseni ngati malamulo a chinenerocho mwawasokoneza. Mu Python 3, `472 / 10` ndi 47.2, koma mu C nambala zonse ziwiri zikakhala za mtundu wa `int` yankho ndi 47. Choncho musanajambule tebulo, onani kaye kuti funso lalembedwa m'chinenero chanji.

Pokonzekera ndi mapepala akale, lembani yankho lanu pa pepala musanayandikire kompyuta kapena kutsegula mayankho. Mukatero ilembeni khodiyo pa makina, muike `print(s, n)` kumapeto kwa lupu m'kati mwake, n'kuyerekeza ndi tebulo lanu mzere ndi mzere. Mzere woyamba pomwe nambala zanu zasiyana ndi za makina ndi umene ukuonetsa lamulo lomwe simunaligwire, ndipo ndi lomwelo muyenera kukaliwerenganso.