Kuwina kawirikawiri, mpamba n'kumatha

Amene amagulitsa malangizo a malonda a foreksi m'magulu a pa WhatsApp ndi Telegram amakonda nambala imodzi. Amalemba kuti pa malonda 10 alionse amene amalangiza, 8 kapena 9 amawina. Mnyamata amene wangotsegula kumene akaunti pa foni yake akaona zimenezi mtima umathamanga, chifukwa kusukulu 80 pa 100 ndi kukhoza bwino zedi. Pamsika nambala imeneyi payokha sinena kanthu. Munthu atha kuwina kasanu ndi katatu pa khumi mpamba wake n'kutha psiti, mnzake wowina kanayi kokha n'kumapha makwacha. Chimene chimawasiyanitsa ndi nambala yachiwiri imene otsatsa aja satchula: ukawina umapeza zingati, ndipo ukaluza umataya zingati.

Tiyerekeze anthu awiri amene akugula ndi kugulitsa yuro ndi dola, zimene pa foni zimalembedwa EUR/USD. Woyamba akangoona phindu la madola 10 amatseka msanga, kuopa kuti lingathawe. Koma mtengo ukamutembenukira amapirira, akumati ubwerera, mpaka atataya madola 50 ndi pamene amagonja. Pa malonda 10 wawina 8, wapeza madola 80. Waluza awiri okha, koma awiriwo amudyera madola 100. Watsala ndi chibowo cha madola 20, ngakhale kuti sabata yonse wakhala akumva kukoma kwa kuwina. Wachiwiri amachita zosiyana: akataya madola 10 amatuluka, koma akalondola amadikira mpaka phindu lifike madola 30. Pa malonda 10 waluza 6, ataya madola 60. Wawina anayi okha, amene abweretsa madola 120. Iye ndiye ali ndi phindu la madola 60, chonsecho amaluza kawirikawiri kuposa kuwina.

Nambala yachiwiriyi amailemba ngati 1:3 kapena 1:2. Mbali yoyamba ndi chimene wavomera kutaya malondawo akalakwika, yachiwiri ndi chimene ukuyembekeza kupeza akayenda bwino. Pa pulogalamu ngati MetaTrader munthu amaika malire awiri asanalowe: Stop Loss, pamene malonda adzatsekeka okha akamaluza, ndi Take Profit, pamene adzatsekeka atawina. Kutalika kwa malire amenewa kuchokera pa mtengo umene walowera amakuyeza m'mapipu, ndipo pa EUR/USD pipu imodzi ndi 0.0001. Ngati wagula pa 1.1000, Stop Loss ili pa 1.0980 ndipo Take Profit pa 1.1060, ndiye kuti waika pachiswe mapipu 20 pofuna mapipu 60. Imeneyo ndi 1:3.

Tsono funso lenileni ndi lakuti: pa 1:3, ndiyenera kuwina kangati kuti ndisaluze? Samu yake ndi yapafupi. Tengani chimene mungataye, muchigawe ndi chimene mungataye kuphatikiza chimene mungapeze.

```
20 / (20 + 60) = 0.25
```

Ndiye kuti kuwina kamodzi pa malonda anayi kukungokubwezerani pamene munayambira: kuluza katatu kwachotsa mapipu 60, kuwina kamodzi kwawabweza. Pa 1:2 muyenera kupitirira 33 peresenti, pa 1:1 muyenera kupitirira theka. Munthu woyamba uja, amene amataya 50 pofuna 10, amafunika kuwina kupitirira 83 peresenti kuti angofika pamzere. Pake pa 80 panali pochepa ndi pang'ono chabe, koma pang'ono pameneponso ndi pamene mpamba unkadonthera.

Apa ena amathamangira ku mbali inayo. Amati basi, nkhani yatha, ine sindidzalowanso malonda ochepera 1:3, ndipo ngati n'kotheka ndizisaka 1:5 kapena 1:10. Aphunzitsi ambiri amaphunzitsa chomwechi ngati lamulo, ndipo ine ndimaona kuti chiphunzitso chimenechi chimasocheretsa mofanana ndi otsatsa aja. Nambala ziwirizi zimakokana. Mukakankhira Take Profit kutali, mtengo umafikako mwa apo ndi apo. Mukakokera Stop Loss pafupi kuti 1:3 isanduke 1:6, kugwedezeka wamba kwa mtengo kumaigunda musanapite kulikonse. Simungakweze mbali imodzi popanda kulipira ku mbali inayo.

Pali chinthu chimodzi pamenepa choyenera kuchimvetsa bwino. Tiyerekeze kuti mtengo ukungoyendayenda mwachisawawa, wosatsamira kukwera kapena kutsika, ndipo inu mwalowa osayang'ana n'komwe tchati. Malire akumunsi ali mapipu 20, akumtunda ali mapipu 60. Mwayi woti mtengo uyambe kufika kumtunda ndi 20 pa 80, ndiye kuti 25 peresenti, nambala yomwe ija tinapeza kuti ndi yongobweza mpamba. Mukasintha n'kuika 20 kumunsi ndi 20 kumtunda, mudzawina theka, phindu palibe. Mukaika 90 kumunsi ndi 10 kumtunda, mudzawina kasanu ndi kanayi pa khumi, phindu palibebe. Choncho aliyense atha kupanga 90 peresenti ya pachikwangwani ija popanda luso lililonse, pongosuntha malire. Kusankha 1:3 nakonso si luso. Luso limaoneka pokhapokha ngati pa 1:3 mukuwina 32 kapena 35 peresenti m'malo mwa 25. Kampata kapakati pa nambala imene mukufunika ndi imene mukupezadi ndiye phindu lanu lonse.

Ndipo kampatako kamadyedwanso ndi buloka. Nthawi iliyonse mukalowa mumalipira sipuredi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, mwinanso ndi komishoni. Tinene kuti zonse pamodzi zikukwana pipu imodzi. Munthu wosaka mapipu 10 ndi kuika pachiswe 10, mtengo ukamuyendera amatenga 9, ukamutembenukira amataya 11. Sakufunikanso theka, akufunika 55 peresenti. Mnzake wosaka mapipu 100 pa 100, pipu imodzi yomweyo imangomukweza kufika pa 50.5 peresenti. N'chifukwa chake olowa ndi kutuluka kambirimbiri pa tsiku posaka timapipu tochepa amakwera phiri lalitali kuposa mmene amaganizira.

Njira ziwirizi zimapweteka mosiyana. Ya kuwina kawirikawiri ili ngati ya mayi wopikula tomato amene amapeza kaphindu tsiku ndi tsiku, koma tsiku limene lole yafera panjira katundu yense n'kuola, zonse za mwezi wathunthu zimapita. Chitsanzo chenicheni chinachitika ku Switzerland. Mu Sepitembala 2011 banki yaikulu ya dzikolo inalengeza kuti sidzalola yuro kutsika pansi pa mafalanki 1.20. Kwa zaka zoposa zitatu ochita malonda ambiri ankagula yuro mtengo ukayandikira malirewo, podziwa kuti banki iutchinjiriza, n'kumatola timaphindu tating'onoting'ono pafupifupi nthawi zonse. Pa 15 Januwale 2015 bankiyo inachotsa malirewo mosachenjeza. M'mphindi zochepa yuro inagwa pansi pa falanki imodzi. Panalibe wogula pamitengo imene anthu anaikapo Stop Loss, choncho malonda anatsekeka kutali kwambiri ndi pamene ankayembekeza, ndipo ena anatsala ndi ngongole yoposa ndalama zimene anaika. Kampani ya Alpari ya ku Britain inagwa, pomwe FXCM ya ku America inapulumuka ndi ngongole ya madola 300 miliyoni. Kuluza kumodzi kunameza kuwina kwa zaka, ndipo zinaoneka kuti chimene munthu walemba kuti angataye si malire enieni a chimene angataye.

Njira ya kuwina mwa apo ndi apo koma mwakathithi imapweteka mtima tsiku ndi tsiku. Ndi imene Richard Dennis wa ku Chicago anaphunzitsa gulu la ophunzira ake otchedwa Turtles kuyambira mu 1983: kutuluka msanga pamene walakwa ndi kutsata mtengo ulendo wautali pamene walondola. Wotsata njira yotere ayenera kuzolowera kuluza. Ngati mumawina 35 peresenti, pa malonda 100 si zachilendo kuluza kasanu ndi katatu motsatizana, njira yanu ili bwinobwino. Amene amaika pachiswe 10 peresenti ya mpamba ulendo uliwonse, pofika kumapeto kwa mndandanda umenewo watsala ndi zosakwana theka. Amene amaika 1 peresenti wataya pafupifupi 8 peresenti, ndipo akadali pamsika pamene malonda aakulu aja akubwera.

Vuto limene limagwira anthu ambiri lili pakati pa zimene anakonza ndi zimene anachita. M'kope analemba 1:3. Koma mtengo utakwera mapipu 25 n'kuyamba kugwedera, chala chinathamangira kutseka. Tsiku lina mtengo utayandikira Stop Loss, anaisuntha pang'ono kuti malonda apume, kenaka pang'ononso, mpaka mapipu 20 anasanduka 35. Munthu ameneyu amadziuzabe kuti kuwina 25 peresenti kukumukwanira, pamene kunena zoona akupeza 25 ndi kutaya 35, ndipo akufunika kupitirira 58 peresenti. Chonyenga chake n'chakuti kutseka msanga kumakwezadi nambala ya kuwina, mwina kuchoka pa 35 kufika pa 50, motero iye amaona ngati akupita patsogolo pamene akaunti ikuphwa.

Kudziwa pamene muli sikufuna kulosera. Pa MetaTrader 4 ya pakompyuta, pitani pa Account History, dinani batani lakumanja la mausi, musankhe Save as Detailed Report. Mu lipotilo muyang'ane Profit Trades (% of total), kenaka mzere wa Average umene uli ndi profit trade ndi loss trade. Tinene kuti mwapeza 44 peresenti, phindu lapakatikati madola 18, kuluza kwapakatikati madola 12. Nambala yongobweza mpamba ndi 12 pa 30, imene ndi 40 peresenti, ndiye muli pamwamba pake ndi 4. Pa malonda 100 ndiye kuti 44 abweretsa madola 792, ndipo 56 achotsa madola 672. Otsala ndi madola 120, dola imodzi ndi masenti 20 pa malonda alionse. Ndi kaphindu koonda, koti komishoni ikakhala kuti sinawerengedwe kapena malonda amodzi akakudumphani Stop Loss, kathera pomwepo. Muyang'anenso Largest loss trade: ngati kuluza kumodzi kukuposa kwapakatikati kasanu kapena kakhumi, muli ndi vuto limene nambala zina zija zikubisa.

Malonda 10 kapena 20 ndi ochepa kwambiri poweruzira. Pa malonda 20, kuwina kuwiri kokha kwamwayi kumasuntha nambala ndi 10 peresenti yathunthu. Yambani kukhulupirira nambala zanu zikachokera pa malonda 100 kapena kuposa, ochitidwa ndi njira imodzi yosasinthasintha. Ndipo wina akadzakuuzani kuti malangizo ake amawina 90 peresenti, musanamutumizire ndalama mufunseni kuti akaluza amataya zingati, ndipo akuonetseni lipoti lonse la akaunti yake, osati zithunzi za masiku abwino okha. Akakana, ndalama zanuzo sungani.