DZINA LA POLOGALAMU LISENZE TSIKU LAKE

Munthu wa pa mgodi akaweruka ku nchito alibe nthawi yofunafuna pa wailesi. Iye amatsegula pamene akudziwa kuti pali kanthu kake, ndipo akapeza kuti kanthuko kapita kale amatseka. Cifukwa ca ici eni wailesi ya m'dera ayenera kusamala pocha dzina pologalamu yatsopano. Dzina limene anthu alikonda, koma osadziwa tsiku ndi ora lake, lifanana ndi kalata yolembedwa bwino imene ilibe keyala.

Bvuto limeneli nlakale. M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, imene inali kugulidwa ndi mapaundi 5, ndipo anthu ambiri anayamba kumvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka ali m'nyumba zao. Wailesiyo inali ya batire, cotero mwini wake sanali kuisiya ingolankhula tsiku lonse. Anali kusunga batire kufikira nthawi ya cinthu cimene acifuna, ndipo nthawiyo anayenera kuisunga m'mutu.

Maina atatu amene anachuka m'dziko la Zambia aonetsa zimene dzina likhoza kucita. Zimene Mwatifunsa linali dzina la pologalamu ya nyimbo zopemphedwa ndi omvera m'makalata. Dzinali linena poyera za m'kati mwake, koma silinena kanthu za nthawi. Kabusha Takolelwe Bowa, imene David Yumba anali kuyankhamo makalata m'Cibemba, inatenga mwambi wodziwika kale, wolingana ndi uja wa Cinyanja wakuti safunsa anadya phula. Dzina lotere silibvuta kukumbukira, popeza munthu anabadwa nalipeza, koma nalonso silichula tsiku. Lacitatu ndi Poceza m'Madzulo, dzina la nthano za Julius Chongo. Ilo liposa anzake pa cinthu cimodzi: wolimva adziwa msanga kuti nthanozo nza dzuwa litalowa, pamene anthu akhala pansi atatha kudya. Komabe madzulo alipo 7 pa mlungu, ndipo dzinalo silinena kuti ndi ati.

Apa mpamene pali nzeru yake. Womvera ayenera kusunga zinthu zitatu: dzina, tsiku ndi ora. Zonse zitatu zikapanikizidwa m'dzina, dzinalo litalika, ndipo anthu alidula okha natayako mbali imene inali yofunika. Maina atatu aja onse ali ndi mau awiri kapena atatu basi. Njira yabwino ndiyo yakuti dzina lisenze tsiku, ndipo ora likhale m'mau amene atsata dzinalo nthawi zonse osasintha.

Tsiku ndilo liyenera kulowa m'dzina cifukwa ndilo lisokonezeka msanga. M'Cinyanja masiku anai ayamba cimodzimodzi: Laciwiri, Lacitatu, Lacinai ndi Lacisanu. Munthu amene amvera wailesi ana akusokosera, kapena ali m'basi, amangomva ciyambi ca liulo, ndipo mawa lake sadziwa ngati ananena Lacitatu kapena Lacinai.

Nacitsanzo, kabungwe ka wailesi ya m'tauni ya migodi kafuna kuyamba pologalamu ya mphindi 30 yonena za citetezo pa nchito, malipiro ndi nkhani za m'makomboni, ndipo kapatsidwa Lacisanu pa 5 koloko madzulo. Dzina loyamba kubwera m'maganizo ndi lakuti Nkhani za Citetezo ndi Umoyo wa Anchito a pa Migodi. Dzinali nloona, koma palibe mkazi amene angauze nalo mwamuna wake kuti afulumire. M'milungu iwiri anthu adzayamba kunena kuti "ija ya migodi," ndipo tsiku lidzataika. Wina anena kuti Mau a Anchito. Ili nlalifupi, koma likhoza kukhala la tsiku liri lonse ndi la wailesi iri yonse.

Tsono kabungwe kaona kuti tsiku ndi lacisanu, ndipo ora nalo ndi lacisanu. Kagawa pologalamuyo m'nkhani zisanu, iri yonse ya mphindi 5, kusiya mphindi 5 zotsala kuti zikhale za moni ndi nyimbo yotsegulira, ndipo kaicha Zisanu za pa Cisanu. Liu limodzi labwerezedwa kawiri, cotero lilime silipunthwa ndipo khutu silingasokoneze tsikulo ndi Lacinai. Muulutsi nayenso anena mau amodzimodzi poyamba, pakati ndi pomaliza: "Zisanu za pa Cisanu, 5 koloko madzulo." Ngakhale mnansi wolankhula Cibemba amva, pakuti kwao tsikulo ndi Cisano.

Pali zinthu ziwiri zimene zingaononge nchito yabwinoyi. Coyamba ndi kawerengedwe ka maora. M'Zambia anthu azolowera kuchula ora limenelo kuti 17, monga lilembedwa pa cipata ca mgodi ndi pa siteshoni ya basi. Muulutsi wina akanena 17, mnzake nanena 5 koloko, womvera asenza manambala awiri, ndipo cingwe cimene cimanga ora ku dzina ciduka. Nyumba yonse ya wailesi igwirizane pa kachulidwe kamodzi ka pologalamu imeneyi, ndipo pa zikwangwani alembe monga momwe anenera.

Caciwiri ndi kusinthana kwa magulu a nchito. Pa mgodi pamene gulu la masana lilowa 2 koloko ndi kuturuka 10 koloko usiku, munthu wa gululo ali pansi pa nthaka pamene pologalamu iulutsidwa. Ayenera kumuulutsiranso, koma kubwerezako kukaikidwa pa Loweruka dzina lisanduka bodza. Cotero kuikidwe pa Lacisanu lomwelo, 10 koloko m'mawa, iye asanapite ku nchito. Ici ndico cifukwa cace liu lakuti madzulo silinalowe m'dzina lenileni. Ndiponso woyang'anira wailesi alonjeze kuti tsikulo silidzasunthidwa, pakuti dzina lochula tsiku ndi pangano. Ngati sangathe kulonjeza, nkwabwino kusankha dzina lonena za m'kati, monga Zimene Mwatifunsa.

Dzina lisanapite pa mphepo liyesedwe. Pa Lolemba munthu mmodzi wa kabungwe auze anthu 10 dzina, tsiku ndi ora, kamodzi kokha ndi pakamwa, osawapatsa pepala. Asankhe anthu osiyana: wa pansi pa mgodi, mai wa pa msika, mnyamata wa pa sukulu, nkhalamba. Pa Lacinai abwerere nawafunse mafunso atatu: dzina lace nciani, imveka tsiku liti, ndipo nthawi yanji. Mayankho ndiwo aonetsa pamene pali cilema. Ambiri akachula dzina nalakwa tsiku, dzinalo silinasenze katundu wake. Akadziwa tsiku nasiyana pa ora, colakwa ciri m'mau otsata dzina. Akafupikitsa dzina onse mofanana, nanena kuti "Za pa Cisanu," kabungwe kasadandaule, popeza tsiku latsala m'kamwa mwao. Koma akalidula kufikira tsiku litagwa, kabungwe kakhalenso pansi kafune lina, cifukwa dzina limene omvera adzagwiritsa nchito ndi lomwelo limene anthu 10 aja abweza pa Lacinai.