Sensa ya pachitseko: Zigbee, Wi-Fi kapena Bluetooth?

Sensa ya pachitseko ndi tizidutswa tiwiri. Kena kali ndi maginito, kena kali ndi kaswichi ndi batire. Chitseko chikatseguka, maginito amatalikira, kachipangizoka kamadzuka n'kutumiza uthenga, kenako n'kugonanso. Batire limatha molingana ndi nthawi imene kamakhala maso.

Apa ndi pamene Wi-Fi imagonjera. Sensa ikadzuka iyenera kupeza rauta, kulandira adiresi, kenako kufikira seva ya kampani pa intaneti, ndipo zonsezi zingatenge masekondi angapo. N'chifukwa chake masensa ambiri a Wi-Fi amakhala ojintcha, amadya mabatire awiri a AAA, ndipo pachitseko chotsegulidwa kawirikawiri amangokhala miyezi. Ubwino wake ndi woti simugula china, bola rauta yanu ikhale ndi 2.4 GHz, pakuti ambiri salumikizana ndi 5 GHz.

Zigbee imatumiza kauthenga kakafupi sekondi isanakwane, moti kabatire kaphwatalala ngati CR2032 kamatha chaka kapena kupitirira. Koma foni yanu simva Zigbee, ndiye pamafunika kabokosi kolandira mauthenga, kotchedwa habu. Bluetooth nayonso sidya batire kwambiri, koma m'nyumba ya njerwa imayamba kufooka pa mamita 10 kapena kucheperapo, ndipo popanda habu simungamve kanthu muli kuntchito.

Tiyerekeze nyumba ya zitseko zitatu: chakutsogolo, cha kukhitchini ndi cha kasitolo kuseri. Cha kukhitchini ana amangotsegulatsegula tsiku lonse, ndipo sensa ya Wi-Fi ingakutopetseni ndi mabatire. Cha kasitolo chili kuseri kwa makoma awiri, kumene Bluetooth ingalephere kufika. Ine pamenepa ndingagule habu imodzi ya Zigbee ndi masensa atatu. Ogulitsa amakonda kunena kuti zipangizo za Zigbee zimapatsirana uthenga, koma masensa a batire sachita zimenezo. Zimene zimapatsira ndi zolumikizidwa kumagetsi, monga pulagi ya Zigbee. Sensa ya kusitolo ikamasowasowa pafoni, ikani pulagi yotere mukhitchini, pakati pa sensayo ndi habu. Habuyo musaigundanitse ndi rauta, chifukwa zonse zimalankhulira pa 2.4 GHz ndipo zimasokonezana. Mafelemu ndi zitseko zachitsulo nazonso zimafooketsa mafunde ndi mphamvu ya maginito, ndiye yesani kutsegula ndi kutseka kangapo musanamatire.

Kwathu kuno kuli vuto lina limene pabokosi salemba. Magetsi akazima sensa imakhalabe yamoyo, koma rauta, habu ndi pulagi ija zimafa, ndipo chitseko chingathyoledwe foni ili duu. Kabatire kosungira magetsi a rauta ndi habu muziwerengere pamtengo musanagule. Ngati chitseko chokudetsani nkhawa n'chimodzi chokha ndipo sichitsegulidwa kawirikawiri, sensa imodzi ya Wi-Fi ikukwanirani, osawononga ndalama pa habu.